Ndani Anakwera Nkhokwe ya aNambewe?

Mvula inagwa usiku wonse, ndipo inakata tambala woyamba atalira. Kutacha, Tadala ankasesa pabwalo pomwe anamva mfuu kuchokera kumtunda kwa mudzi.

"Mayo ine! Andibera! Chimanga changa ine!"

Anali mawu a aNambewe. Tadala anataya tsache n'kuthamangira m'nyumba.

"Agogo, dzukani! Kwa aNambewe kwagwa zina!"

Agogo ake, aChisale, anali nduna ya mfumu m'mudzi wawo, womwe unali kufupi ndi mtsinje wa Linthipe m'boma la Dedza. Anali okalamba kwambiri. Ankayenda ndi ndodo yansungwi, ndipo sankafulumira pa chilichonse, ngakhale pakudya. Anavala chipewa chawo, n'kuuyamba ulendo pang'onopang'ono, Tadala akudumphadumpha patsogolo.

Unali mwezi wa Febuluwale, mwezi wa njala. Chimanga cha m'munda chinali chitangomasula ngayaye, ndipo nkhokwe zambiri zinali mbee! M'mudzi monsemo, ndi aNambewe okha amene anali nachobe chimanga chochuluka. Chinali chamakolo, cholimba, cha maso oyera osakanikirana ndi ofiira. Mbewu yake anawasiyira ndi mayi awo, ndipo panalibe wina amene ankalima mtundu umenewo.

Pamene ankafika, anthu anali atadzaza kale.

"Ndi anyani awa," anatero bambo wina. "Dzana ndawaona akutsika m'phiri."

"Anyani ati? Ndi makoswe!" anatero mayi wina.

"Musanamizire nyama," anatero aPhiri mokweza. "Dzulo kunabwera munthu wogulitsa usipa uja, aZuze. Anagona kwa mlamu wake. Ali ndi njinga ndi dengu lalikulu. Tiyeni tikamugwire asanathawe!"

Achinyamata ena anayamba kale kutola zibonga. Koma aChisale anakweza ndodo yawo.

"Taimani kaye. Kuona maso a nkhono n'kudekha. ANambewe, chimanga chapita chochuluka bwanji?"

"Dengu limodzi, mwina osadzaza. Ndimalemba ndi khala m'kati mwa nkhokwe pomwe chalekezera. Lero chatsika."

"Nanga denga munalipeza bwanji?"

"Lili m'malo mwake, lovundikira bwinobwino. Kungoti lapendekeka pang'ono."

AChisale anagwedeza mutu. Anapempha aNambewe kuti awatulutsire zimanga zingapo, ndipo anazitembenuzatembenuza m'manja. Kenako anayang'ana pansi, n'kupuma mozama. Kutsogolo kwa nkhokwe matope onse anali atapondedwapondedwa ndi anthu obwera kudzaona. Choncho anazungulira kuseri, kumene kunali kusanapite munthu. Tadala anawatsatira.

"Mdzukulu wanga, maso angawa atha. Tandiuza, ukuona chiyani apa?"

Tadala ananjuta. "Pali chozungulira, agogo. Ngati wina wadinda mphete yaikulu m'matope."

"Mpheteyo ndi yathunthu?"

"Ayi. Mbali iyi yaduka. Pali kampata kokwana zala zanga zitatu."

"Chinanso?"

"Pali kanjira kosalala, ngati panadutsa chinthu cholemera. Kakulowera ku udzu uko, kenako sikakuonekanso. Palinso ndodo yamphanda."

AChisale anatola ndodo yamphandayo, n'kuiimika pambali pa yawo. Inali yaifupi. Anabwerera kwa anthu aja.

"Abale, ndipatseni tsiku la lero lokha. Dzuwa likamalowa ndidzakhala nditadziwa. Koma aZuze asawakhudze munthu. Alekeni akagulitse usipa wawo."

APhiri anang'ung'udza, koma mawu a nduna ndi mawu a nduna. Anthu anabalalika, ena kumunda, ana kusukulu.

Masana Tadala ataweruka, anapeza agogo ake atakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango, akusenda mtedza wowerengeka womwe anasunga m'kambale.

"Agogo, mwamupeza?"

"Khala pansi, timupeze limodzi. Tiyambe ndi anyani. Nyani akalowa m'munda amatani?"

"Amathyola, kuluma pang'ono, n'kutaya. Amasiya makoko paliponse."

"Ndipo unamuonapo nyani akuvundikira denga pochoka, kuopa kuti chimanga cha mwini chinganyowe?"

Tadala anaseka. "Ayi!"

"Anyani tawachotsa. Nanga makoswe?"

"Khoswe sanganyamule dengu."

"Eya. Ndiponso khoswe amadyera pomwepo. Amaboola njere n'kudya kamtima kake, n'kusiya zinyenyeswa. Zimanga zija ndinaziona, zinali zosalumidwa. Ndiye kuti ndi munthu. Tsopano mphete ija. Ndi chinthu chanji cha pakhomo chomwe kukamwa kwake n'kozungulira, cholemera, choti munthu angaimepo?"

Tadala anayang'ana uku ndi uku. Ndowa? Ingaphwanyike. Mtsuko? Ungasweke. Kenako maso ake anagwa pa mtondo wa amayi ake, uli pakhonde.

"Mtondo! Anauvundikira n'kukwerapo!"

"Wakhoza. Tsono aZuze ukuwadziwa. Polowa m'nyumba amachita kuwerama. Munthu wamtali choncho angavutike n'kukatenga mtondo?"

"Ayi. Angangotukula denga ndi dzanja."

"Ndiye kuti wathuyu ndi wamfupi, ndipo denga linamulemera, n'chifukwa chake analichirikiza ndi mphanda. Nanga kanjira kosalala kaja?"

Tadala anaganiza. "Anachita kuugubuduza mtondowo. Sanathe kuunyamula."

"Mayi wamkulu akanausenza. Bambo akanauika paphewa. Amene amagubuduza mtondo ndi ndani?"

"Mwana," anatero Tadala motsitsa mawu.

"Mwana. Ndipo sangaugubuduze kuchokera kutali usiku, m'matope. Anabwera mvula itakata, chifukwa akanabwera isanakate, mphete ija ikanafufutika. Ndiye lero m'mawa ndinayenda m'nyumba zonse za kumtunda, kupempha madzi akumwa. Ndamwa makapu 7, mimba yanga ili ndendende! Paliponse ndimayang'ana mtondo. Yobenthuka kukamwa ndapeza iwiri: wa kwa aPhiri ndi wa kwa aNabanda."

"APhiri! Ndi iwo ankafuula kwambiri aja!"

"Usathamange, iwe. Kufuula si umboni. Mtondo wa aPhiri uli pakhonde, ndi wouma, m'kati muli gaga wa dzulo. Ukanavundikiridwa, gagayo akanakhuthuka. Wa kwa aNabanda ndi wotsuka, wonyowa kunja konse. Koma mumng'alu mwake mwatsalira dothi lofiira."

Tadala anangoti chete. Kwa aNabanda n'kumene kunkakhala mnzake Chisomo, pamodzi ndi mchimwene wake Mavuto, wa zaka 11, ndi kamng'ono kawo Yamikani. Bambo awo anapita kukagwira ntchito kuminda ya fodya ku Kasungu. Mayi awo anali kuchipatala sabata yachiwiri, kudikira mwana.

"Chinthu chimodzi chokha chikundisowa," anapitiriza aChisale. "Mtondo ukasinja umamveka mudzi wonse, koma kumeneko sikunamveke musi. Kuchigayo ndafunsa, sikunabwere chimanga chofiira. Ndiye chapita kuti?"

Tadala anapisa dzanja m'thumba la yunifolomu yake. Mtima unkagunda. Anatulutsa njere zinayi zokazinga, n'kuziika pamkeka. Ziwiri zinali zofiira.

"Chisomo anandigawira pa buleki," anatero, misozi ili m'maso. "Anati dzulo anagona ndi njala, koma lero Mavuto wawakazingira chimanga m'phale. Ine ndinadya nawo, agogo. Sindimadziwa."

AChisale anayang'ana njerezo nthawi yaitali. Kenako anatenga chipewa.

"Tiye. Koma pakamwa potseka."

Anamupeza Mavuto kuseri kwa nyumba akuwaza nkhuni zonyowa, Yamikani ali kumbuyo pa chitenje. Ataona aChisale, nkhwangwa inagwa m'manja.

"Mwaswera bwanji, agogo?"

"Ndaswera, mwana wanga. Ufa unatha liti muno?"

Mavuto anayang'ana pansi. "Loweruka."

"Lero ndi Lachitatu. Bwanji sunanene?"

"Amayi anati ndine wamkulu, ndisamale ana. Ndinkachita manyazi kupempha. Ndinkaphika nkhwani basi. Koma usiku Yamikani analira mpaka mawu kutha." Apa Mavuto analira. "Ndimati tikakolola ndibweza. Ndinawerenga, zinali zimanga 32. Tadya 5. Zina zili pansi pa mphasa."

"Ndipo denga unavundikira."

"Ndimaopa kuti mvula ibweranso."

AChisale anamugwira paphewa. "Mavuto, unalakwa. Udziwe kuti m'mawa muja anthu anatsala pang'ono kumenya aZuze chifukwa cha iwe. Tenga dengulo. Tipita kwa aNambewe, ndipo ukanena ndi pakamwa pako. Ine ndidzakhala pambali pako."

Njira ya kwa aNambewe inali yaifupi, koma kwa Mavuto inatalika ngati ya ku Lilongwe. Anatula dengu, anagwada, n'kufotokoza zonse mawu akunjenjemera.

ANambewe anakwiya, ndipo sanabise. "Iwe Mavuto! Ine amene ndinakubereka kumbuyo uli khanda, lero ukundibera usiku? Khomo langali unaliona lotseka?" Anakalipa mpaka mpweya kuwathera. Kenako anaona Yamikani akuyamwa chala, maso ali pa dengu, ndipo mawu awo anasintha. "Loweruka? Nyumba yoyandikana nayo, ine osadziwa? Ha!"

Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi lichero la ufa.

Dzuwa likulowa, anthu anasonkhana pabwalo la mfumu pansi pa mtengo wa kachere. AChisale anafotokoza za denga, za mphete, za kanjira, ndi za njere zofiira. Mfumu inagamula kuti Mavuto akathandize aNambewe kumunda Loweruka lililonse mpaka kukolola, ndipo akapepese kwa aZuze. Inalamulanso kuti ana atatuwo azidya kwa aNambewe mpaka mayi awo atabwera, ndipo banja lililonse lipereke kambale ka ufa kapena nyemba. APhiri nawo anaimirira, chipewa chili m'manja, n'kupepesa kwa aZuze pamaso pa onse. AZuze sanayankhule zambiri. Anapita pa njinga yawo, anatapa usipa wodzaza manja awiri, n'kumupatsa Chisomo.

Pobwerera kunyumba kunali kutada. AChisale anakhala pamkeka wawo, n'kukoka kambale ka mtedza kaja. Anakagwedeza pafupi ndi khutu.

"Tadala."

"Wawa, agogo."

"Mtedza wanga unali 20. Watsala 12."

"Mwina ndi makoswe, agogo."

"Mwina. Tabwera pafupi ndi nyali." Anatambasula dzanja, n'kuchotsa kakhungu kofiira ka mtedza pa kolala ya yunifolomu ya Tadala. "Khoswe ameneyu ali Sitandade 4?"

Tadala anabisa nkhope m'manja, akuseka. Agogo anagawa mtedza wotsalawo pawiri, n'kumukankhira mulu umodzi.