Chidule cha dongosolo la bizinesi: kuumitsa zipatso ndi mphamvu ya dzuwa

Dongosolo ili talikonza ophunzira anayi a chaka chomaliza monga gawo la phunziro la kayendetsedwe ka bizinesi zazing'ono. Tikufuna kuyambitsa bizinesi yogula mango, zinanazi ndi nthochi kwa alimi pa nthawi imene zachuluka, kuziumitsa m'zoumitsira za dzuwa, ndi kuzigulitsa m'timapaketi ta magalamu 50. Tiyamba ndi zoumitsira ziwiri ndi chipinda chimodzi chosendera ndi kulongedzera. Dzuwa ndi laulere, koma bizinesi iyi siimirira pa zimenezo. Idzapindula ngati mathireyi adzakhala odzaza masabata 40 pa chaka, komanso ngati paketi ya lero idzafanana ndi ya mwezi watha. Zonse zimene zili m'dongosololi zakonzedwa poyang'ana mfundo ziwirizi.

Vuto limene taona

Chipatso sichidikira msika. Mango akapsa amapsera pamodzi, mtengo wake umagwa, ndipo mlimi amagulitsa motaya kapena kuwasiya kuti awolere pansi pa mtengo. Pakapita miyezi itatu, munthu yemweyo amene ankaponda mango panjira amawafuna osawapeza. Bungwe la FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi, linanena mu 2011 kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya cha anthu padziko lonse limawonongeka kapena kutayidwa, ndipo zipatso ndi ndiwo zamasamba zili m'gulu la zimene zimawonongeka kwambiri. Chimene chimawoletsa chipatso ndi madzi. Mango akupsa amakhala ndi madzi pafupifupi magawo 83 pa 100, chinanazi 86, nthochi 75. Madziwo akatsika kufika pa magawo pafupifupi 15, chuku ndi tizilombo towoletsa zimasowa pokulira, ndipo chipatso chimene chikanawola m'sabata imodzi chimakhala miyezi.

Chimene tidzapanga

Sitidzayanika zipatso pamtetete. Kuyanika kotero kumaitana fumbi, ntchentche ndi mbalame, ndipo kuwala kwa dzuwa kukamenya chipatso mwachindunji kumachifwifwitsa ndi kuwononga ena mwa mavitamini. Choumitsira chathu chili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi bokosi lopendekeka lokhala ndi lata lopakidwa penti wakuda, lofundidwa ndi pulasitiki yoonekera yosaphwanyika ndi dzuwa. Mmenemo mpweya umatenthedwa. Mbali yachiwiri ndi kabati yotsekedwa momwe muli mathireyi. Fani yaing'ono yoyendera sola imakankha mpweya wotentha kuti udutse m'zipatso n'kutulukira pa chumuni pamodzi ndi chinyezi. Kutentha tidzakusunga pakati pa madigiri 50 ndi 60. Choumitsira chilichonse chili ndi malo oyalapo okwana masikweyamita 10 ndipo chimalandira makilogalamu 45 a zipatso zodulidwa kale.

Izi sitinazitenge m'mabuku mokha. Tinabwereka choumitsira chaching'ono n'kuumitsa kasanu ndi kamodzi, ndipo ulendo woyamba tinalakwitsa. Tinadula mango mochindikala, pafupifupi mamilimita 10, poganiza kuti tidzapeza tizidutswa tonenepa tokopa maso. Masana kutentha kunapitirira madigiri 70 ife osazindikira, chifukwa tinalibe choyezera mkati. Tizidutswa tinauma kunja n'kuchita kachikopa kolimba, madzi n'kutsekeredwa mkati. Pogwira tinkaoneka touma bwino. Tinalongedza, ndipo tsiku lachisanu ndi chinayi tinapeza timadontho ta thukuta m'kati mwa paketi ndi chuku choyera m'makona. Kuchokera pamenepo timadula mamilimita 5 kapena 6, timayeza kutentha katatu pa tsiku, ndipo sitilongedza tisanang'ambe kachidutswa pakati n'kukafinya kuti tione ngati sikakutulutsa madzi. Zipatso zikachoka pa thireyi zimagona masiku angapo m'chidebe chotseka kuti chinyezi chotsala chifanane ponseponse, kenaka n'kulowa m'paketi.

Sitidzathira shuga kapena utoto. Nthochi tidzaziviika pang'ono m'madzi a mandimu kuti zisade msanga. Mankhwala a salufa amene opanga ambiri amagwiritsa ntchito posunga mtundu tawasiya dala, chifukwa amavutitsa anthu ena odwala mphumu. Tikudziwa kuti chifukwa cha ichi mango athu adzaderako pakapita nthawi, choncho pa paketi tidzalemba miyezi 6, osati chaka.

Ogula

Tinalawitsa anthu 60 zimene tinaumitsa pa maulendo omaliza. Mango ndiwo anatha msanga m'mbale, chinanazi chinatsatira, ndipo nthochi ambiri anati aziguladi ngati mtengo wake uli wotsikirapo. Tikuyang'ana magulu atatu: makolo ofuna choika m'chikwama cha mwana chimene si switi, anthu a m'maofesi ndi apaulendo, ndi ophika makeke kapena malo ogona alendo amene adzaoda m'matumba a kilogalamu imodzi. Masitolo akuluakulu sitiwathamangira m'chaka choyamba. Amachedwa kulipira, ndipo bizinesi ya msinkhu wathu ingafe ikudikira ndalama yake yomwe. Tiyamba ndi masitolo ang'onoang'ono 15 amene amalipira polandira katundu kapena pasanathe sabata ziwiri.

Opikisana nawo alipo awiri: zipatso zouma zochokera kunja, zooneka bwino koma zodula, ndi zoyanika pakhomo, zotsika mtengo koma zosadalirika. Ife tikhala pakati pawo. Komabe mdani weniweni ndi bisiketi ndi tchipisi, zimene munthu anazizolowera kale, n'chifukwa chake paketi yathu ndi yaing'ono kuti woyesa koyamba asaganize kawiri.

Kuchuluka kwa katundu

Choumitsira chilichonse chidzadzazidwa kawiri pa sabata. Chikhoza katatu, koma tasiya mpata wa mitambo, kutsuka ndi kukonza. Masabata 12 ndi a mango: maulendo 48, uliwonse makilogalamu 80 osasenda otulutsa 7 ouma, onse pamodzi 336. Masabata 10 ndi a zinanazi: maulendo 40, makilogalamu 90 otulutsa 6, pamodzi 240. Masabata 18 otsala ndi a nthochi: maulendo 72, makilogalamu 70 otulutsa 12, pamodzi 864. Chaka chathunthu chimatipatsa makilogalamu 1,440, ofanana ndi mapaketi 28,800, kuchokera ku zipatso zaziwisi pafupifupi matani 12 ndi theka.

Manambalawa akuonetsa chinthu chimene poyamba sitinkafuna kuvomereza. Tinalowa m'nkhaniyi chifukwa cha mango, koma nthochi ndiyo idzalipira lendi. Imapezeka pafupifupi chaka chonse, ilibe njere yotaya, ndipo imatulutsa zouma zambiri. Popanda iyo zoumitsira zingakhale chabe kupitirira theka la chaka pamene ngongole ikuwerenga masiku.

Ndalama

Popeza mitengo imasintha kawirikawiri, m'chidule muno tawerengera ndalama m'mapaketi, kutanthauza mtengo wapakati wopikulitsira paketi imodzi. Ziwerengero zonse zili m'gawo lachisanu ndi chiwiri la dongosololi. Pa ndalama 100 zilizonse zolowa, 24 zidzapita ku zipatso, 15 kwa aganyu osenda ndi kudula, 14 ku mapaketi ndi zolemba zake, 8 ku mayendedwe, ndi 4 ku madzi, sopo ndi gasi. Zotsala ndi 35. Zolipira zosasintha, monga lendi, malipiro a woyang'anira ntchito, ziphaso, kuyezetsa ku labotale, chiwongoladzanja ndi kutha kwa zipangizo, zikukwana mtengo wa mapaketi 5,760 pa chaka. Motero tidzaleka kuluza tikagulitsa mapaketi pafupifupi 16,500, omwe ndi magawo 57 pa 100 a zimene tingathe kupanga.

M'chaka choyamba tikuyembekezera kufika magawo 70 okha, mapaketi 20,160, chifukwa manja adzakhala akuphunzira ndipo ogula sanatidziwe. Phindu lake ndi lochepa, lofanana ndi mapaketi pafupifupi 1,300. Kuyambira chaka chachiwiri, tikamagulitsa mapaketi onse 28,800, lidzafika pa 4,320. Mpamba wofunika ndi wofanana ndi mapaketi 9,000: magawo 45 pa 100 ku zoumitsira ziwiri, 20 kukonza chipinda ndi kugula matebulo achitsulo chosachita dzimbiri, 10 ku makina omatira mapaketi, masikelo ndi zoyezera, 5 ku ziphaso ndi kuyezetsa koyamba, ndi 20 ngati ndalama yoyendetsera. Gawo lomalizali talitetezera kwambiri. Mango amagulidwa m'masabata 12 ndi ndalama ya pamanja, koma amagulitsidwa pang'onopang'ono kwa theka la chaka. Mpamba wonse udzabwerera chakumapeto kwa chaka chachitatu.

Zimene zingatigwetse

Choopsa chachikulu ndi mitambo. Mbali ya nyengo ya mango imalowa m'mvula, ndipo zipatso zodulidwa zikagona usiku uwiri zisanaume zimayamba kusasa. Choumitsira chimodzi chidzakhala ndi chotenthetsera cha gasi chothandizira masiku otere, ndipo tikaona kuti kunja kwaipa masiku otsatizana sitidzasenda n'komwe. Chachiwiri ndi ukhondo. Paketi imodzi ya chuku ikafika kwa kholo, dzina lathu lathera pomwepo. Tidzatsata njira ya HACCP, yozindikira malo amene chakudya chingaipire ndi kuwayang'anira: madzi otsukira, kutentha, chinyezi chomaliza ndi kumata kwa paketi. Ulendo uliwonse udzakhala ndi nambala yake m'kaundula ndi pa paketi, kuti pakapezeka vuto tidziwe tsiku, mlimi ndi thireyi. Sitidzagulitsa kanthu tisanalandire chiphaso cha oona za miyezo ya zakudya.

Chachitatu ndi mtundu wa chipatso. Mango a ulusi wambiri saduka bwino ndipo akauma amatsalira m'mano, choncho tidzagula a mnofu wosalala monga Kent ndi Keitt, akupsa koma olimba. Tagwirizana pakamwa ndi alimi asanu ndi atatu, ndipo tidzalemberana nawo za mtengo nyengo isanayambe, kulipira tsiku lomwelo. Makoko ndi zosenda zidzabwerera kwa iwo ngati manyowa.

Anthu ndi pempho lathu

Mmodzi wa ife anaphunzira za kakonzedwe ka zakudya ndipo adzagwira ntchitoyi tsiku lililonse monga woyang'anira. Wachiwiri adzaona zogula kwa alimi, wachitatu zamalonda, wachinayi mabuku a ndalama. Atatuwa sadzalandira malipiro mpaka ngongole itatha. Aganyu anayi adzabwera masiku osenda, ataphunzitsidwa za ukhondo ndi kuyezedwa kuchipatala.

Tasonkha tokha magawo 40 pa 100 a mpamba. Tikupempha ngongole ya magawo 60 otsalawo, yofanana ndi mapaketi 5,400, yobweza m'zaka zitatu, kubweza kuyamba pakatha miyezi 6. Ndalama ikapezeka, miyezi iwiri yoyamba ndi yomanga zoumitsira ndi kukonza chipinda, wachitatu ndi woyesera ndi kutumiza zitsanzo ku labotale, ndipo mapaketi oyamba a nthochi adzafika m'masitolo m'mwezi wachinayi. Choumitsira chachitatu tidzachiganizira pokhapokha titagulitsa zonse zimene tapanga kwa miyezi 6 yotsatizana.