Mpamba wa chikhalidwe ndi kusiyana kwa zotsatira za mayeso m'Malawi

Pepala lalifupi la phunziro la kakhalidwe ka anthu, chaka chachiwiri

Boma la Malawi linathetsa fizi m'sukulu za pulayimale mu 1994, ndipo chiwerengero cha ana olembetsa chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Mwana aliyense anapeza mwayi wolowa m'kalasi, koma zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikusiyanabe kwambiri. Ana ochepa amasankhidwira ku sekondale zogonera za boma, ambiri mwa osankhidwa amapita ku sukulu zoyendera za m'madera, ndipo ena ambiri sapeza malo n'komwe. Pepalali likufotokoza kusiyanaku pogwiritsa ntchito ganizo la katswiri wa ku France, Pierre Bourdieu.

Bourdieu, pamodzi ndi Jean-Claude Passeron, anafufuza sukulu za ku France m'zaka za m'ma 1960. Iwo anati mwana amafika kusukulu ali ndi mpamba wochokera kunyumba, womwe si ndalama zokha; uwu ndiwo mpamba wa chikhalidwe. Pambuyo pake Bourdieu anaugawa patatu. Pali mpamba wokhala mwa munthu, monga kayankhulidwe ndi kusaopa kufunsa funso. Pali wina wogwirika, monga mabuku, ndi wina wovomerezedwa ndi chidindo, monga satifiketi. Mfundo yake yaikulu inali yoti sukulu imapereka malikisi pa zinthu zomwe siinaphunzitse, kenaka n'kumazitcha nzeru zobadwa nazo.

Kuno kwathu zimenezi zimaonekera bwino pa Chingerezi. Mayeso ambiri a Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi, ndipo pa MSCE wolephera Chingerezi satenga satifiketi ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi. Tiyerekeze ana awiri a m'kalasi imodzi. Wina ndi mwana wa namwino, amamva Chingerezi pa wayilesi yakanema komanso pa foni ya mayi ake, ndipo madzulo amafunsidwa kuti aonetse kope. Mnzake amakhala ndi agogo ake omwe sanapite kusukulu. Amadziwa nyengo yobzala, mayina a mitengo, nthano ndi miyambi yosawerengeka, ndiponso anaphunzitsidwa kuti mwana waulemu sayang'ana wamkulu m'maso kapena kumuyankha mwachisawawa. Akakhala chete m'kalasi, aphunzitsi amati ndi wogona. Funso la masamu limamugonjetsa asanayambe n'kuwerengetsera komwe, poti chiyankhulo cha funsolo chamutsekereza. Onsewa ali ndi chikhalidwe, koma cha mmodzi yekha ndicho chimasanduka malikisi.

Mbiri nayonso ikuchitira umboni. Amishoni a Livingstonia anatsegula sukulu yapamwamba ku Khondowe mu 1894, ndipo mabanja ambiri a kumpoto akhala ndi aphunzitsi, makalaliki ndi abusa kwa mibadwo ingapo. Chigawochi sichidziwika ndi chuma chambiri, komabe chimadziwika ndi anthu ophunzira, zomwe ndalama pazokha sizingafotokoze. Ku Mangochi ndi Machinga, makolo ambiri achisilamu ankapewa sukulu za mishoni poopa kuti ana awo atembenuzidwa chipembedzo, ndipo anali ndi chifukwa chomveka. Anawo ankaphunzira kuwerenga Chiarabu ku madrasa, luso lofuna khama lalikulu lomwe mayeso a boma a pulayimale salilabadira. Mwana wa Chiyao amayenera kuwoloka ziyankhulo ziwiri, Chichewa kenaka Chingerezi, asanapikisane ndi mnzake wa ku Area 47 ku Lilongwe.

Komabe ganizoli lili ndi malire. Bourdieu ankalemba za dziko lomwe mwana aliyense anali ndi desiki, buku ndi mphunzitsi. Mwana wophunzirira pansi pa mtengo, m'kalasi ya ana opitirira 100, atachoka kunyumba osadya kanthu, amalephera pa zifukwa zosafuna katswiri wa ku Paris. Mtsikana wosiya sukulu chifukwa cha mimba kapena ukwati sitingamufotokoze ndi kayankhulidwe ka makolo ake. M'maganizo mwanga, ganizoli limathandiza kwambiri pofotokoza chifukwa chomwe ana a sukulu imodzi, a umphawi wofanana, amasiyanirana: mwana wa mphunzitsi wa kumudzi amalandira zochepa za ndalama, koma amadziwa kale momwe funso la mayeso limafunsidwira.

Ngati zili choncho, kumanga makalasi sikungakwanire pakokha. Sukulu iyenera kuphunzitsa poyera zomwe ana ena amazipeza kunyumba: kuwerengera ana mabuku mokweza, kuwabwereka mabuku opita nawo kwawo, kuwazolowetsa kufunsa mafunso, ndi kuwamasulira mawu a m'mayeso momveka bwino kuyambira makalasi a m'munsi. Olemba mayeso ku MANEB nawo angaunike mafunso a masamu ndi sayansi kuti aone ngati akuyesa phunzirolo kapena Chingerezi.