Uthenga kwa Makolo ndi Osamalira Odwala m'Boma la Mangochi: Kumwa Mankhwala Opha Ululu Mopyola Muyezo

Mankhwala monga panado, asipirini, bulufeni ndi indosidi amapezeka m'nyumba zambiri ndiponso m'maokala a m'misika yathu, ndipo chifukwa chowazolowera anthu ambiri sawaopa. Uthenga wathu waukulu ndi wakuti munthu amene wamwa mankhwalawa mopyola muyezo apite kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale akuoneka kuti ali bwinobwino.

Panado ndiye amapusitsa kwambiri. Munthu wamkulu sayenera kupyola mapiritsi 8 a mamiligalamu 500 pa maola 24, ndipo pakati pa kumwa koyamba ndi kotsatira papite maola osachepera 4. Muyezo wa mwana umatengera kulemera kwake, choncho mapiritsi ochepa amene wamkulu sangamve nawo kanthu akhoza kumuvulaza mwana. Tsiku loyamba wodwala amangomva nseru, kusanza, kutuluka thukuta kapena kufooka, ndipo ena samva chilichonse, mpaka apabanja amati zatha. Komatu nthawi imeneyo chiwindi chimakhala chikuwonongeka mwakachetechete. Pakapita masiku 2 kapena 3 m'pamene kumayamba kupweteka pansi pa nthiti za kumanja, maso amachita chikasu, mkodzo umada, magazi amatuluka m'nkhama, ndipo munthu amayamba kubwebweta kapena kugona kosadzutsika. Mankhwala oteteza chiwindi amathandiza kwambiri akaperekedwa maola 8 asanathe, n'chifukwa chake kudikira zizindikiro n'koopsa. Ngoziyi imakula mwa munthu amene amamwa mowa kwambiri, wowonda chifukwa chosadya mokwanira, kapena wodwala kale chiwindi. Dziwaninso kuti mankhwala ambiri a chimfine ndi a mutu ali ndi panado m'kati mwake, moti msodzi amene dzino lamusautsa usiku wonse panyanja akhoza kupyola muyezo osadziwa pophatikiza mitundu iwiri kapena itatu.

Asipirini wochuluka amachititsa kuti m'makutu muzilira, komanso amachititsa munthu kupuma mofulumira ndi mokoka, kutuluka thukuta, kutentha thupi, kusanza ndi kusokonezeka mutu. Zimenezi n'zosavuta kuzisokoneza ndi malungo, choncho musathamangire kumuwonjezera mankhwala ena. Mwana wosakwana zaka 16 asapatsidwe asipirini pokhapokha dokotala atanena.

Bulufeni, indosidi ndi dayikilofenaki amatupula m'mimba ndi kuwononga impso. Yang'anirani kupweteka pachifu, masanzi a magazi kapena akuda ngati khofi, chimbudzi chakuda bii ndi kuchepa kwa mkodzo. Mankhwala amphamvu monga tiramado ndi kodini amagonetsa kwambiri, kupuma kumachepa, milomo imada, kamwana ka m'diso kamachepetsetsa, ndipo tiramado amathanso kukomola munthu ngati wakhunyu.

Mukazindikira kuti izi zachitika, chotsani mapiritsi otsala m'manja ndi m'kamwa mwa wodwalayo, makamaka ngati ndi mwana. Funsani modekha kuti wamwa chiyani, angati ndiponso nthawi yanji, kenako tengani timapepala tonse ta mankhwalawo, ngakhale topanda kanthu, pamodzi ndi buku lake la kuchipatala, pakuti zimenezi ndizo zimathandiza adokotala kudziwa chochita. Wina akamakonza zimenezi, wina afune galimoto, njinga yamoto kapena boti.

Musamusanzitse pomupisa chala kukhosi kapena pomumwetsa madzi a mchere, chifukwa masanzi akhoza kulowa m'mapapo ndipo mchere wochuluka nawonso ndi woopsa. Mkaka, mafuta ophikira, mazira aawisi ndi mankhwala azitsamba sizisukuluza mapiritsiwa, zimangotayitsa nthawi. Makala amene amaperekedwa kuchipatala kwa munthu amene wamwa mankhwala mopyola muyezo ndi okonzedwa mwapadera, si a pambaula ayi.

Ngati wodwalayo akusinza kapena wakomoka koma akupuma, mugonekeni chammbali, mwendo wapamwamba utapindidwa ndipo chibwano chitakwezedwa pang'ono, kuti masanzi azitulukira kunja. Musamupatse chakudya kapena chakumwa chilichonse. Akamaphupha, chotsani zinthu zimene zingamupweteke, mutetezeni kumoto, ndipo musamuike supuni m'kamwa. Ngati wasiya kupuma, dinikizani pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi mofulumira mosalekeza kwinaku mukuitana thandizo.

Pitani kuchipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ndi cha boma pa Mangochi, cha ku Monkey Bay, cha ku Malindi, cha ku Namwera kapena chipatala chaching'ono cha m'dera lanu, ndipo musadikire kuti kuche. Ngati munthuyo wamwa dala pofuna kudzipweteka, tikupemphani kuti musamukalipire kapena kumuchititsa manyazi pagulu. Musamusiye yekha, bisani mankhwala ena onse a m'nyumbamo, ndipo mukafika kuchipatala muwauze achipatala zoona zake zonse kuti alandire thandizo la thupi pamodzi ndi uphungu.