Kalata yosiya ntchito ya ukalaliki

Chilobwe, Blantyre
1 Okotobala 2025

Kwa a Manijala,

Bwana, ndalemba kalatayi kukudziwitsani mwaulemu kuti ndikusiya ntchito yanga ya ukalaliki pa ofesi pano. Iyi ndi notisi ya mwezi umodzi monga mmene kontirakiti yanga ikunenera, ndiye tsiku langa lomaliza likhala Lachisanu pa 31 Okotobala 2025.

Sikuti pali amene wandilakwira ayi. Mayi anga ku Mulanje anachita sitiroko mu Julayi, mbali yakumanzere sikugwira bwinobwino, ndipo ine ndi woyamba kubadwa, mlongo wanga amene amawasamala ali ndi mwana wakhanda. Ndayesa zomakwera minibasi ku Limbe Loweruka lililonse n'kubwerera Lamlungu madzulo koma ndaona kuti uku ndikuperewera, kumudzi ndikupereweranso, Lolemba ndimafika pa desiki mutu uli kwa mayi. Si bwino kuti ndizilandira malipiro athunthu ntchito ndikugwira theka.

Ndinabwera pano mu 2018 ndisakudziwa ngakhale kulemba vocha. Munandiphunzitsa osandikalipira pagulu. Koma chomwe sindidzaiwala ndi cha mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa khoma la nyumba yathu ku Chilobwe. Munandipatsa masabata awiri osadula pa holide yanga, anzanga anasonkha ndalama, ndipo inu munabwera nokha ndi thumba la ufa ndi mabulangete, nsapato zanu zili matope okhaokha. Akazi anga amaikambabe nkhani imeneyi mpaka lero. Zikomo kwambiri bwana, Mulungu akudalitseni.

Za hendiova musade nkhawa. Mafayilo a makasitomala ndawasanja kale mu kabati yachitsulo ija malinga ndi chaka, buku la makalata olowa ndi otuluka lili bwino mpaka dzulo, ndipo buku la ndalama zogulira tinthu ta mu ofesi ndilitseka pamodzi ndi a akaunti sabata yomaliza, malisiti onse alipo. Makiyi a kabati, chidindo ndi chiphaso cha ntchito ndidzapereka m'manja mwanu. Ngati mungapeze wolowa m'malo mwanga mwezi uno usanathe, ndingakonde nditakhala naye olo masiku asanu, pali tinthu tina tosalembedwa paliponse, monga makasitomala amene amafuna kuwaimbira foni kaye invoisi isanapite.

Pempho langa ndi lakuti mundiwerengere masiku 9 a holide omwe sindinatenge, mundithandize mapepala a penshoni, komanso mundilembere kalata yosonyeza kuti ndinagwira ntchito pano, mwina mayi akapezako bwino ndidzafunsira ina konko ku Mulanje.

Ngati penapake ndinakulakwirani inu kapena anzanga pa zaka 7 zimenezi, chonde mundikhululukire. Nambala yanga sindisintha, fayilo ikasowa ingoimbani.

Ine wanu wodzichepetsa,
Kalaliki wa ku mafayilo