Agogo, umu ndi mmene mungatiimbire foni yoonana nkhope

Agogo athu,

Azakhali akakusindikizirani kalatayi, muziisunga pamene mumatchajira foni. Ndikufuna Lamlungu likubwerali mutiimbire nokha, osadikira kuti iwo aweruke kuntchito. Musaope kudina. Palibe batani limene lingawononge foni yanu.

Yambani mwaona pamwamba penipeni pa galasi la foni. Pakhale kachizindikiro ka Wi-Fi, timizere topindika tosanjikizana. Kakakhalapo ndiye kuti intaneti ya m'nyumbamo yagwira, ndipo kuimbako sikudya mayunitsi.

Kenako pezani WhatsApp, kachithunzi kobiriwira kokhala ndi foni yoyera mkati. Kagundeni kamodzi ndi nsonga ya chala, mopepuka ngati mukuyesa ngati madzi atentha. Mukakanikiza nthawi yaitali foni imaganiza kuti mukufuna zina. Mukalowa muona mayina ali mndandanda. Lathu Azakhali analilemba kuti Adzukulu. Gundani pa dzinalo.

Tsopano apa ndi pamene pamafunika magalasi anu. Pamwamba, chakumanja, pali tizithunzi tiwiri toyandikana: kena ndi kafoni, kena ndi kakamera, kabokosi kokhala ndi kamphuno pambali. Kafoniko ndi ka mawu okha. Inu gundani kakamerako. Foni ikafunsa chilolezo chogwiritsa ntchito kamera, sankhani Allow.

Muyamba kudziona nokha, musadabwe. Werengani mawu amene ali pansi pa dzina lathu. Akalemba Ringing ndiye kuti kuno foni ikulira, dikirani, ana amakhala akuthamangira kuchokera panja. Akangokhala pa Calling ndiye kuti foni yathu siili pa intaneti, mwina bandulo yatha kapena netiweki yavuta. Pamenepo simunalakwitse kalikonse, Agogo. Dulani, muyesenso pakapita mphindi 10.

Tikayankha, nkhope zathu zidzaza galasi lonse, inu mutsala m'kabokosi kakang'ono pakona. Foni musaiike kukhutu. Itsamiritseni pa kapu patebulo, motalikirana ndi nkhope ngati kutalika kwa mkono, ndipo mukhale moyang'ana windo. Kuwala kukakhala kumbuyo kwanu timangoona mthunzi, ndipo wamng'ono uja amafunsa kuti Agogo abisala kuti.

Tikanena kuti sitikukumvani, gundani pakati pa galasi kuti mabatani atuluke, ndipo mugunde kachithunzi ka maikolofoni. Chithunzi chikaima ngati chauma, ingodikirani pang'ono, nthawi zambiri chimabwerera chokha.

Tikatsanzikana, gundani batani lofiira. Ndi lokhalo lodulira. Mukaligunda mwangozi tili mkati mocheza, bwererani pa kakamera kaja, ife tikhala tikudikira.

Kumbukiraninso kuti kuno tili patsogolo ndi maola 2. Kwanuko ikakwana 2 koloko masana, kuno imakhala 4 koloko, ana onse ali pakhomo. Wamng'onoyo dzino lakutsogolo linaguluka Lachitatu, ndipo wakana kuti tikutumizireni chithunzi. Akuti akuonetsani yekha.

Ndine mdzukulu wanu wamkulu.