Chilolezo cha Opaleshoni Yaying'ono Yochotsa Chotupa cha Mafuta Pamsana

Chotupa chimene chili pamsana panu ndi cha mafuta amene anaunjikana pansi pa khungu, ndipo adokotala akuona kuti ndi bwino kuchichotsa chifukwa chimakupwetekani mukagona chagada.

Adzakubayani jakisoni wochititsa dzanzi pamalopo, choncho mudzakhala muli maso koma simudzamva ululu, ngakhale kuti mungamve kukoka pang'ono. Kenako adzacheka khungu, kuchotsa chotupacho ndi kusoka bala. Zonsezi zimatenga pafupifupi mphindi 30, ndipo mudzabwerera kunyumba tsiku lomwelo.

Dziwani kuti balalo likhoza kutuluka magazi kapena kutukusira, chipsera chidzatsala, ndipo mwa apo ndi apo chotupa chotere chimameranso. Musanabayidwe, uzani adokotala ngati muli ndi matenda a shuga, mumamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, kapena jakisoni wa dzanzi anakudwalitsanipo.

Mudzabwerenso pakatha masiku 14 kudzachotsa ulusi, koma mukaona mafinya kapena thupi likatentha, bwerani msanga.

Muli ndi ufulu wokana kapena kusintha maganizo opaleshoni isanayambe, ndipo mudzapitiriza kulandira chithandizo monga kale. Ngati mwamvetsa ndipo mafunso anu ayankhidwa, sayinani kapena dindani chala m'munsimu.