Kalata kwa mkonzi: pepala lathu la ogwira usiku labwereranso, koma talisanja mwatsopano

Nambala ya pepala: MS-2291-R1
Mutu: Mashifiti a usiku, tulo ndi kukwera kwa bipi pakati pa anamwino

A Mkonzi,

Zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu ija yotipatsa mwayi wokonza pepalali nkulibwezanso, komanso chifukwa cha masabata atatu owonjezera amene munatipatsa titapempha. Lero talikweza mu sisitemu yanu pamodzi ndi mayankho athu kwa mariviyuwa onse awiri.

Ndiyambe ndi kukuchenjezani musanatsegule fayilo: mukaliwona muyesa ndi pepala lina. Si lina ayi. Anthu amene tinawatsatira ndi omwewo, deta ndi yomweyo, funso ndi lomwelo ndipo zimene tinapeza sizinasinthe. Chasintha ndi kasanjidwe kake, ndipo kasintha kwambiri moti magawo amene atsala pamalo pake penipeni ndi awiri okha, mawu othokoza ndi ndime ya chilolezo cha komiti yowona za ufulu wa otenga nawo mbali.

Riviyuwa woyamba analemba kuti anafika tsamba 14 asanadziwe kuti funso lathu lenileni ndi liti. Kunena zoona tsiku loyamba mawu amenewa anatiwawa, wina mwa ife mpaka anati sanawerenge bwino ameneyu, koma titakhala pansi nkuliwerenga ngati anthu achilendo tinawona kuti akunena zoona. Ife tinalemba pepalalo motsatira mmene ntchito inayendera, chimene tinayamba kuchita chinali patsogolo, chimene tinaganiza mochedwa chinali kumapeto, ndiye wowerenga amayenda nafe mu kusokera kwathu konse mmalo momuwonetsa njira yachidule. Panali magawo asanu ndi awiri, atatu mwa iwo lililonse lili ndi kanjira kake kofufuzira, tizotsatira take ndi kazokambirana kake, ngati timapepala titatu tomatidwa pamodzi. Kukonza chiganizo apa ndi apo sikukanathandiza. Ndiye tinalimasula lonse.

Tsopano lili ndi magawo anayi amene aliyense amawadziwa: chiyambi, njira zofufuzira, zotsatira, zokambirana. Ndipo polisanja tinayika pambali pathu mndandanda wa STROBE wa 2007 uja wa mfundo 22, kuyenda nawo mfundo imodziimodzi, chifukwa kafukufuku wathu ndi wotsatira gulu la anthu kwa nthawi popanda kuwapatsa mankhwala kapena kuwagawa mwa maere. Mndandandawo taudzaza nkuwukweza padera, uli ndi manambala a masamba atsopano.

Chiyambi chinali masamba asanu, pano ndi limodzi ndi theka. Gawo lachiwiri lakale, lija la zimene ena analemba kale, kulibenso monga gawo. Zofunika kuti funso limveke tazisiya mu chiyambi, zofananitsa ntchito yathu ndi ya ena zapita ku zokambirana, ndipo ndime zinayi zofotokoza mmene wotchi ya mthupi imagwirira ntchito tazichotsa basi. Zinandiwawa ine chifukwa ndinazilemba ndekha, koma owerenga jenalo yanu safunika kuwuzidwa kuti bipi imatsika munthu akagona usiku. Funso lathu tsopano lili pa ndime yachitatu, tsamba 4.

Pamene panali ntchito yaikulu ndi pa njira zofufuzira. Kale zinali zomwazikana mmagawo atatu, moti munthu wofuna kudziwa mmene tinayezera tulo amayenera kuwerenga tsamba 8, kulumpha kupita tsamba 17, kenako kukapeza zotsalazo mmunsi mwa tebulo. Riviyuwa wachiwiri anafunsa mafunso asanu amene mayankho ake anali kale mu pepala, koma vuto silinali lawo, linali lathu, tinabisa zinthu tokha. Pano zonse zili pamodzi, masamba 5 mpaka 9. Tafotokoza pamalo amodzi kuti tulo tinayeza ndi PSQI, chida cha mafunso 19 chimene chinatuluka mu 1989, chimene mapointi ake amayambira 0 kufika 21 ndipo wopitirira 5 amawerengedwa kuti sagona bwino. Tafotokoza kuti bipi timayeza nthawi yanji poyerekeza ndi nthawi yoweruka, nkhani imene kale tinangoyitchula modutsa pomwe kwa munthu woti wachezera usiku wonse ola loyezera ndi nkhani yaikulu. Za deta yosowa, zimene STROBE imafunsa pa mfundo 12, tsopano zili ndi kamutu kake. Tawonjezanso chithunzi chowonetsa kuti ndi angati anayitanidwa, angati analowa, angati anasiyira panjira ndi zifukwa zake, monga mfundo 13 imalangizira. Ndicho Chithunzi 1 chatsopano, chokhacho chimene kale kunalibe.

Ku zotsatira tatembenuza ndondomeko. Kale tinayamba ndi timagulu, amuna paokha, akazi paokha, achikulire paokha, ndiye chotsatira chachikulu chimabwera pomalizira munthu atatopa kale. Pano tikuyamba ndi kufotokoza anthu athu, kenako yankho la funso lalikulu, manambala osakonza ndi okonza poganizira zaka, kulemera kwa thupi ndi kusuta ali moyandikana mu tebulo limodzi, kenako zina zonsezo. Matebulo anali asanu ndi anayi, atsala anayi. Tebulo 2 ndi 5 akale talumikiza kukhala Tebulo 2 latsopano, Tebulo 3 lakale ndi Tebulo 3 lomwe, 7 lakale lasanduka 4, ndipo 4, 6, 8 ndi 9 apita ku zowonjezera. Palibe tebulo limene latayidwa, ndikunena izi dala kuti wina asaganize kuti tabisa zotsatira zosatikomera.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikufuna muzimve kwa ine, musachite kuzitulukira nokha.

Choyamba, posamutsa matebulo tinapeza cholakwika chathu. Mu Tebulo 3 lakale mitu ya mizere iwiri inasinthana, manambala a anamwino ogwira usiku wokhawokha anali pansi pa mutu wa amene amasinthasintha mashifiti. Mariviyuwa sanachiwone, nafenso anthu anayi tinawerenga kangapo osachiwona, chinawonekera pamene mnzanga amayika tebulolo pafupi ndi ndime yolifotokoza nkuwona kuti ziwirizi zikutsutsana. Mawu a mu ndime anali olondola kuyambira kale, cholakwika chinali pa mitu pokha. Komabe zinatichititsa mantha ndiye tinayendetsanso kodi yonse kuchokera pa deta yoyambirira nkufananitsa nambala iliyonse ya mu pepala ndi zotuluka, sitinapezenso china.

Chachiwiri, gawo lachisanu ndi chimodzi lakale, lija lofunsa ngati kusagona bwino ndiye njira imene ntchito ya usiku imakwezera bipi. Funso limeneli silinali mu pulotoko yathu, linatibwerera titawona kale deta, koma mmene tinalembera zimawoneka ngati tinaliganiza pachiyambi. Sitinachite dala koma ndi mmene zimamvekera. Pano tanena poyera kuti uku kunali kungofufuza pambuyo, talifupikitsa kukhala ndime ziwiri kumapeto kwa zotsatira, ndipo mu abusitirakiti talichotsamo. Mawu oti ntchito ya usiku imayambitsa tawasintha paliponse kukhala oti imayendera limodzi ndi, chifukwa kafukufuku wa mtundu wathu sangapitirire pamenepo.

Zokambirana zinali zitatu, tsopano ndi chimodzi. Zofooka za kafukufuku zinali ziganizo ziwiri zamanyazi kumapeto, pano ndi ndime zitatu, ndipo yayitali kwambiri ikukamba zimene riviyuwa wachiwiri anatikumbutsa, kuti amene thupi lawakana amapempha kuchoka pa usiku msanga, otsala nkukhala olimba okhaokha, zomwe zingachititse kuti vuto liwoneke laling'ono kuposa mmene lilili. Mfundo imeneyi yalimbitsa pepala kuposa china chilichonse ndipo tikuwathokoza.

Pali malo amodzi pamene sitinatsatire zimene tinapemphedwa. Riviyuwa wachiwiri anafuna kuti malire a bipi yokwera akhale 130/80, amene mabungwe a madokotala a mtima a ku Amereka anakhazikitsa mu 2017, mmalo mwa 140/90. Tikumvetsa chifukwa chake, koma 140/90 ndi imene tinalemba mu pulotoko tisanayeze munthu ngakhale mmodzi, ndi imenenso bungwe la zaumoyo padziko lonse limagwiritsa ntchito, ndiye kusintha malire pano titadziwa kale zotsatira kukhala kuchita chomwecho chimene tangovomereza pamwambapa kuti sichabwino. Chimene tachita nkuwerengeranso ndi 130/80 monga kuyesa kwachiwiri, zili mu Tebulo S3. Anthu owerengedwa kuti ali ndi bipi akuchuluka monga mungayembekezere, koma nkhani ikuloza komweko. Ngati inuyo mukuwona kuti tebulo limeneli libwere mkati mwa pepala tilibe vuto, tiwuzeni chabe.

Tsopano za mafayilo. Malangizo anu amati titumize kope lowonetsa zosintha, tatumiza, koma kunena mosabisa silikuthandizani. Ndime ikangosamuka Track Changes imayiwonetsa ngati yasintha yonse, ndiye kope lonse langoti psuu, simungasiyanitse chiganizo chatsopano ndi chimene changosuntha malo. Nchifukwa chake tapanga kope lachitatu pamanja: mawu atsopano ali obiriwira, osamutsidwa ali ndi kanambala mmbali kosonyeza tsamba limene anachokera, ochotsedwa tawasonkhanitsa kumapeto. Palinso tebulo la tsamba limodzi, kumanzere gawo lakale kumanja kumene lapita, fayilo yake ndi mapu_a_zosintha.pdf, ndipo ndingapemphe kuti mariviyuwa ayambire pamenepo. Mu mayankho athu komenti iliyonse ili ndi manambala awiri, tsamba lakale limene iwo ankanena ndi tsamba latsopano pamene pali yankho.

Mawu anali pafupifupi 7,400, pano ndi 4,900, ndiye talowa mmalire a jenalo yanu. Mutu taufupikitsa pang'ono, tachotsa mawu aja onena za njira imene ntchito ya usiku imakwezera bipi pa chifukwa chimene ndafotokoza kale. Olemba ndi omwewo anayi pa ndondomeko yomweyo, onse awerenga kope ili nkuvomereza kuti litumizidwe. Pepalali silinatumizidwe kwina kulikonse, silinasindikizidwepo, ndipo palibe chasintha pa za amene anatithandiza ndi ndalama kapena pa zimene tinalengeza poyamba.

Pempho langa ndi limodzi. Ndikudziwa kuti pepala likasintha chonchi mkonzi amatha kuliwona ngati latsopano nkufuna anthu ena oliwunika, ufulu umenewo ndi wanu. Koma ngati nkotheka libwerere kwa awiri omwe aja, chifukwa iwo ndi amene anavutika ndi kope loyamba ndipo ndi amene angadziwe msanga ngati tamva zimene amanena kapena tangosuntha mipando. Akafuna kodi kapena deta yochotsa mayina titumiza tsiku lomwelo.

Ndine wanu,
Mlembi wolandira makalata, mmalo mwa anzanga atatu